Kukonzekera mtsutso: tsamba limodzi, mbali ziwiri

Ndimaphunzitsa kusekondale ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya mtsutso. Ndikapereka nkhani yoti ana awerenge pokonzekera mtsutso, ambiri amangokopera ziganizo zomwe zawakomera, kenaka n'kuzigawa pawiri. Tsamba limadzaza ndithu, koma tsiku la mtsutso mnzawo akafunsa kuti "umboni wake uli kuti?" amangoyang'ana kudenga.

Titenge mutu womwe ndimakonda kupatsa a Fomu 3: "Maphunziro aulere a kupulayimale adathandiza dziko la Malawi." Tinene kuti nkhani yowerengayo ikufotokoza kuti boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi m'chaka cha 1994, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri mwa iwo asanapite kukoleji ya zauphunzitsi.

Mwana asanajambule mzere pakati pa tsamba, ndimamuuza kuti awerenge kawiri. Ulendo woyamba angomva nkhani. Wachiwiri agwire pensulo, azilemba U pambali pa chiganizo chilichonse chomwe munthu angathe kukachitsimikiza kwina, monga chaka, chiwerengero kapena zomwe boma lidachita, ndipo G pomwe mlembi akungonena maganizo ake. Kuti boma lidalemba aphunzitsi 20,000 ndi U. Kuti "boma lidapupuluma" ndi G, ngakhale mlembi atalemba motsindika bwanji. Ntchito imeneyi ndi yomwe imadya nthawi, ndipo sindiifulumizitsa.

Kenaka tsamba aligawe pawiri, ovomereza kumanzere, otsutsa kumanja. Mfundo iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu: chomwe ukunena, umboni wake pamodzi ndi ndime yomwe wautenga, ndi chiganizo chimodzi cha mawu akoako chosonyeza kuti umboniwo ukugwirizana bwanji ndi mutu. Chachitatuchi ndi chomwe ana amadumpha, chikhalirecho ndi chomwe oweruza amatchera khutu.

Kumanzere mwana angalembe kuti fizi inkatsekereza ana a m'mabanja osauka. Umboni wake: fizi itangochoka, ana pafupifupi 1 miliyoni adawonjezereka m'chaka chimodzi. Mgwirizano wake: ana ochuluka chonchi sakadabadwa ndi kukula m'miyezi yochepa, adalipo kale m'midzi koma ndalama ndiyo inkawaletsa.

Apa ndi pomwe ndimafuna ana atsegule maso. Chiwerengero chomwechi chimalowanso kumanja. Wotsutsa anena kuti sukulu zidalandira ana 1 miliyoni osawakonzekera, ndipo umboni wake wachiwiri ndi aphunzitsi osaphunzitsidwa ntchito aja. Nawonso aphunzitsiwo wovomereza angathe kuwatenga, n'kunena kuti boma silidangokhala manja lende. Choncho umboni sukhala ndi mbali yakeyake. Mwana akafunsa kuti "Aphunzitsi, nambala iyi ndi ya ovomereza kapena otsutsa?" ndimamuuza kuti ayilembe konsekonse, koma chiganizo chachitatu chija chisiyane. Ndimawauzanso kuti mfundo zoyankhana azizilemba moyang'anizana pa mzere umodzi, kuti akamva mnzawo akuyankhula, yankho alipeze pomwepo osatembenuza tsamba.

Nanga nkhani ikapanda kupereka umboni? Nthawi zambiri mlembi amakhala ndi mbali yomwe wapendekera. Angathe kulemba kuti "maphunziro adalowa pansi" osatchula zotsatira za mayeso kapena chiwerengero cha ana osiyira sukulu panjira. Mfundoyo mwana ayilembe, koma malo a umboni awasiye opanda kanthu, aikepo chizindikiro cha funso. Asapeke nambala, ndipo asabwereze mfundo yomweyo m'mawu ena n'kumati ndi umboni. "Maphunziro adalowa pansi chifukwa ana sankaphunzira bwino" ndi mfundo imodzi yonenedwa kawiri. Malo opanda kanthuwo amamuuza choti akafufuze kulaibulale, komanso pomwe angamupanikize mnzake ngati maere amugwetsera mbali inayo.

Sindiumiriza kuti mbali zonse zikhale ndi mfundo zofanana kuchuluka. Zitatu zolimba kumanzere ndi ziwiri kumanja zilibe vuto ngati nkhaniyo idaperekadi zimenezo. Chomwe ndimakana ndi tsamba lomwe mbali imodzi ili ndi zaka ndi ziwerengero, inayo ili ndi timawu tiwiri tolembedwa mwaulesi. Pofuna kugwira zotere, ana amasinthana makope, aliyense n'kulota mbali yomwe mwini kope amaikonda mumtima mwake. Mnzake akalota msangamsanga, mwini kopeyo amabwerera ku nkhani ija kukafunafuna umboni wa mbali yomwe adainyozera, ndipo maere a mbali sindichititsa mpaka ntchito imeneyi itatha.