Tiziwerenga bwanji mapu a njira ya namondwe?

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy akuyandikira gombe la Quelimane ku Mozambique, pa foni zathu pankayenda mapu okhala ndi mzere komanso chimthunzi chotambasuka kutsogolo kwake. Wowerenga wina wandifunsa tanthauzo la chimthunzicho. Inenso kale chinkandisokoneza, ndinkayesa chikusonyeza kukula kwa namondweyo.

Mapu otere amanyamula zinthu ziwiri. Mzere wakumbuyo ndi njira yomwe namondwe wadutsa kale, zomwe akatswiri a zanyengo anayeza. Wakutsogolo ndi wongoyerekeza. N'chifukwa chake wojambula wosamala amalemba wakumbuyo mosadukiza, wakutsogolo modukizadukiza kapena ndi mtundu wina, n'kuika tsiku ndi ola pamene mizere iwiriyo ikumanirana. Ikafanana, munthu amatenga zongoganizira ngati zachitika kale.

Chimthunzicho chili ngati kuwala kwa tochi usiku: pafupi n'kopapatiza, patali kumamwazika. Za mawa akatswiri amaphonya pang'ono, koma za masiku asanu akubwera akhoza kuphonya ndi mtunda wautali. Choncho chimasonyeza dera lomwe pakati pa namondwe payembekezeka kudutsa, ndipo nthawi zina pamatulukamo ndithu. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti mvula ndi mphepo zimafika kutali kunja kwa chimthunzicho. Kukhala kunja kwake si chitetezo.

Mukalandira mapu otere, yambani mwaona ola lomwe anatulutsidwa, chifukwa amasinthidwa kangapo pa tsiku. Adzulo musawatumize kwa ena.