Kawaya ka mumtima ndi mapiritsi awiri osayenera kudumphitsa

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku, koma sudya magazi amene akudutsa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake imene imayanga pamwamba pake ngati mizu, ndipo ndi imeneyi imaupatsa mpweya ndi chakudya. Ikuluikulu ilipo itatu: umodzi kumanja, ndi iwiri yochokera pa thunthu limodzi lakumanzere. Ndi yaing'ono modabwitsa, kukula kwake mamilimita 3 kapena 4 basi, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. M'kupita kwa zaka mafuta amaunjikana mkati mwa khoma la mtsempha, makamaka kwa munthu wosuta fodya, wa shuga kapena wa matenda othamanga magazi, ndipo njira imayamba kuchepa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 56. Kwa miyezi ingapo wakhala akumva chifuwa kulemera akamakwera chitunda, ngati wina wamusanjika thumba la chimanga, koma akaima pang'ono zimatha. Tsiku lina m'mamawa ululu uja wabwera ali chikhalire, ukutsikira ku mkono wamanzere ndi kukwera ku nsagwada, thukuta lili kamukamu, ndipo sukutha. Chimene chachitika n'chakuti kachikopa kokuta mafuta aja kang'ambika, magazi aundana pomwepo, mtsempha watsekeka. Mnofu wa mtima umene umadalira mtsempha umenewo wayamba kufa, ndipo mbali imene yafa simeranso. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti mtsempha utsegulidwe pasanathe maola awiri chidziwikireni vutoli. Kumene zimenezi sizingatheke, amabaya mankhwala osungunula magazi oundanawo.

Asanatsegule ayenera kuona pamene patsekeka, ndipo ntchito imeneyi ndi imene amaitcha anjiyogalamu. Wodwala sagonetsedwa tulo. Amamubaya mankhwala ochititsa dzanzi pamkono, pamalo paja timagwira tikafuna kumva kugunda kwa mtima, kapena mphechepeche mwa ntchafu. Kenako amalowetsa kachubu kofewa, kotalika pafupifupi mita imodzi, n'kukakankha pang'onopang'ono motsata mtsempha mpaka kakafike pakhomo pa mitsempha ya mtima. Mkati mwa mtsempha munthu samva kuti mukuyenda kanthu, choncho ambiri amangodabwa kumva kuti kafika kale. Mitsempha siioneka pa ekisire wamba, ndiye amapoperamo madzi okhala ndi ayodini. Kwa masekondi ochepa mitsempha imaoneka yakuda pa kanema, ngati mtengo wopanda masamba. Mwa bambo wathu uja, nthambi yotsika kutsogolo kwa mtima ikuoneka kuti yangodukira panjira.

Njira imeneyi inapezeka mwangozi. Mu 1958, dokotala wina wa ku Cleveland, m'dziko la America, Mason Sones, ankajambula mtsempha waukulu wotuluka mumtima pamene kachubu kanaterereka n'kulowa mu mtsempha wa mtima wakumanja, madzi aja n'kuthiridwa momwemo. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti zoterezi zingaphe munthu. Wodwalayo sanafe, ndipo chithunzi chinatuluka chooneka bwino. Patapita zaka 19, pa 16 Sepitembala 1977, Andreas Grüntzig ku Zurich anatsegula mtsempha wa mtima wa bambo wa zaka 38 ndi kabaluni, popanda kung'amba chifuwa.

Lero ntchitoyo imayenda chonchi. Kudzera m'kachubu kaja, dokotala amalowetsa kawaya kopyapyala kwambiri, kosafika ndi theka la milimita, n'kukapotoza ndi zala mpaka kadutse pamalo otsekekawo. Apa m'pamene pali luso lenileni, chifukwa mtima sunaime, ukugundabe, ndipo kawaya kakalowa molakwika kangathe kung'amba khoma la mtsempha. Kakadutsa, kamasanduka njanji. Pa njanjiyo amayendetsa kabaluni kophwa, n'kukapopa pamalo opanikizikawo. Mphamvu yake ndi yaikulu: tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pa 2 kapena kupitirirako pang'ono, pamene kabaluni aka kamafika pa 12 ngakhale 16 pa muyezo womwewo. Pa masekondi amenewo magazi sadutsa, ndiye wodwala angamve chifuwa kuwawa, ndipo ayenera kunena. Mafuta aja sachotsedwa ayi, amangokanikizidwira kukhoma.

Baluni payokha inali ndi mavuto awiri. Nthawi zina mtsempha unkafwamphuka n'kutsekeka tsiku lomwelo, ndipo mwa odwala pafupifupi mmodzi pa atatu alionse unkachepanso pasanathe miyezi 6. Yankho linali sitenti, imene inaikidwa koyamba mwa munthu mu 1986 ndi Jacques Puel ku Toulouse komanso Ulrich Sigwart ku Lausanne. Sitenti ndi kachubu ka waya wolukanalukana ngati sefa, kofanana ndi kasipuling'i ka m'bolopeni. Imabwera itafinyidwira pa baluni. Baluni ikafufuma, sitenti imatambasuka n'kukanirira kukhoma, baluni imaphwetsedwa n'kutulutsidwa, sitenti imatsala momwemo moyo wonse. Bambo wathu uja amuika ya mamilimita 3 m'mimba mwake ndi 18 m'litali. Atapoperanso madzi aja, nthambi imene inadukira panjira ikuoneka yonse mpaka kunsonga, ndipo ululu wayamba kuzizira ali pa tebulo pomwepo. Ntchito yonse nthawi zambiri imatenga pafupifupi ola limodzi. Pamkono amamangapo kalamba kothina kwa maola ochepa.

Sikuti palibe choopsa. Pobayidwa pangatuluke magazi kapena kutupa, madzi a ayodini angavutitse impso zimene zinali kale zofooka, ndipo mwa apo ndi apo pamachitika sitiroko. Ndiye amene ali ndi vuto la impso, amene amamwa metifomini wa shuga, kapena amene thupi lake linadanapo ndi madzi ojambulira, anene ntchito isanayambe.

Wodwala akatuluka m'chipatala amamva bwino, ndipo apa m'pamene ine ndimada nkhawa kwambiri, chifukwa munthu amene wachira saona chifukwa chomwera mankhwala. Koma thupi silinailandire sitenti ija. M'magazi mwathu muli timaselo ting'onoting'ono totchedwa mapulateleti, timene ntchito yake ndi kutseka bala. Mukadzicheka ndi mpeni, ndi timeneti timathamangira pabalapo, kumatirirana, n'kuitana tinzake mpaka magazi ataleka. Mkati mwa mtsempha wabwinobwino muli kachikopa kosalala kamene kamatiletsa kumata. Pamene paikidwa sitenti, kachikopako kasupuka ndipo pali chitsulo chili pamtunda. Kwa mapulateleti, limeneli ndi bala lofunika kutseka. Akaunjikana pa chitsulocho, sitenti imatsekeka mwadzidzidzi, m'mphindi zochepa, ndipo munthu amadwala mtima koopsa, mwinanso kuposa poyamba paja. Ena mwa amene zawachitikira sapulumuka.

Chitetezo chenicheni chimabwera pamene kachikopa kaja kamera n'kukuta waya yense, monga mmene khungwa la mtengo limamezera waya wa mpanda. Masitenti akale, achitsulo chokhachokha, ankakutidwa m'milungu yochepa, koma mnofu unkamera mopitirira n'kuchepetsanso njira. Kuyambira cha m'ma 2002 kunabwera masitenti opakidwa mankhwala oletsa mnofu kumera mopyola, ndipo vuto lija linachepa kwambiri. Mtengo wake ndi wakuti mankhwala omwewo amachedwetsanso kachikopa kabwino kaja, choncho chitsulo chimakhala pamtunda kwa miyezi.

Pa miyezi imeneyi wodwala amamwa mankhwala awiri, osati amodzi, chifukwa mapulateleti ali ndi njira zingapo zoitanirana. Asipirini, wa mamiligalamu 75 mpaka 100 patsiku, amatseka njira imodzi. Mnzake amatseka ina: kawirikawiri ndi kilopidogirelo wa mamiligalamu 75 kamodzi patsiku, kapena tikagirelo wa mamiligalamu 90 kawiri patsiku. Kwa amene anaikidwa sitenti atadwala mtima mwadzidzidzi, ngati bambo wathu uja, nthawi yozolowereka ndi miyezi 12. Kwa amene anaikidwa popanda ngozi yotere, ndi miyezi 6. Dokotala angafupikitse kapena kutalikitsa poona munthu wake. Ikatha nthawiyo amasiyitsa amodzi, enawo amapitirira moyo wonse.

Pulateleti imodzi imakhala masiku 7 mpaka 10, ndipo thupi limapanga atsopano tsiku lililonse. Munthu akasiya kilopidogirelo, atsopanowo amabwera ali ndi mphamvu zawo zonse, ndipo pomatha sabata chitetezo chimakhala chitapita. Tikagirelo amatha mphamvu msanga kuposa pamenepo. Palibe chizindikiro chochenjeza. Munthu amadzuka, amapita kuntchito, amadya bwino, kufikira tsiku limene sitenti yatsekeka. Kusiya mankhwalawa nthawi isanakwane, makamaka m'mwezi woyamba, ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene sitenti imatsekekera.

Ndipo anthu sasiya chifukwa cha mphwayi zokha. Wina wakapangidwa ntchitoyi ku India kapena ku South Africa, wabwera ndi mapiritsi a miyezi itatu, atha, ndipo kufamase yapafupi kulibe, kapena mtengo wakwera. Wina akufuna kuzula dzino ndipo wauzidwa kuti ayambe wasiya mankhwala. Wina waona mkamwa mukutuluka magazi potsuka mano, wachita mantha. Zonsezi n'zomveka, koma palibe chimodzi chimene chiyenera kuthera pa kusiya mwa iwe wekha. Dzino nthawi zambiri limazulidwa munthu akumwabe mankhwala ake, ndipo opaleshoni imene si yachangu imatha kudikira miyezi ija ithe. Wokonza mano kapena dokotala wa opaleshoni alankhulane kaye ndi dokotala wa mtima.

Kutaya magazi ndi vuto lenileni la mankhwalawa, sitingabise. Timikwingwirima pakhungu ndi kamfuno kosachedwa kuleka si zoopsa, ingonenani pa tsiku lokaonana ndi dokotala. Koma chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, magazi osaleka, kapena mutu wowawa mwadzidzidzi ndi kufooka mbali imodzi, zimenezi ndi zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala a ululu monga aibupulofeni ndi daikulofenaki amawonjezera ngozi ya kutuluka magazi m'mimba, choncho panado ndiye woyenera. Ambiri amapatsidwanso mankhwala oteteza m'mimba, ndipo kwa womwa kilopidogirelo madokotala amakonda pantopulazo kusiyana ndi omepulazo, amene angachepetse mphamvu yake.

Tinenenso malire ake. Sitenti imakonza masentimita awiri a mtsempha, pamene matenda ali m'mitsempha yonse. Pa kudwala mtima kwadzidzidzi imapulumutsa moyo. Koma kwa munthu amene chifuwa chimangomuwawa akamakwera chitunda, kafukufuku wamkulu waonetsa kuti kwa ambiri imachepetsa ululu koma siitalikitsa moyo kuposa mankhwala omwedwa mokhulupirika. Ndipo pamene mitsempha yonse itatu yawonongeka, makamaka kwa wa shuga, opaleshoni yolambalalitsa magazi ndi imene kawirikawiri imathandiza kwambiri. Fodya, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zimafunabe kulimbana nazo, sitenti ilipo kapena palibe.

Ngati inu kapena m'bale wanu waikidwa sitenti, musachoke m'chipatala musanalembetse pa pepala tsiku limene yaikidwa, mtundu wake, mayina a mankhwala awiri aja ndi tsiku limene dokotala wanena kuti amodzi adzasiyidwe. Pepalalo liziyenda nanu m'chikwama. Ndipo kagulenitu ena mapiritsi a milungu iwiri akadalipo m'botolo.