Musanapereke foni kwa wina, yambani mwaisesa

Chaka chatha mwana wanga atanditumizira foni yatsopano, ndinaganiza zopereka yakale kwa mwana wa mchimwene wanga amene amakayamba sukulu ya uphunzitsi. Usiku womwewo ndinafufuta zithunzi zonse, ndinachotsa simukhadi, m'mawa n'kumupatsa. Patapita masiku atatu anandiimbira. "Azakhali, mu fonimu muli chithunzi cha buku la kuchipatala la mayi wina. Ndichite nacho chiyani?"

Mtima unandigunda. Chinali chithunzi chimene mayi wina wa m'bungwe lathu ananditumizira pa WhatsApp kuti ndimufotokozere za mankhwala amene anamulembera. Dzina lake linalipo, matenda akenso analembedwa pomwepo. Ine amene ndimaphunzitsa anamwino ndi azamba kusunga chinsinsi cha wodwala, ndinachipereka ndi manja anga. Mwayi wake mtsikanayo ndi waulemu. Nanga ndikanagulitsa foniyo pamsika?

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kufufuta chithunzi kuli ngati kusesa m'nyumba n'kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko. Mafoni ambiri amasunga zofufutidwa m'malo olembedwa Trash, Bin kapena Recently deleted kwa masiku pafupifupi 30, ndipo aliyense angazibwezeretse pongodina kamodzi. Komanso m'foni muli zambiri zoposa zithunzi. Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba amaonetsa ndalama zimene zatsala ndi amene munamutumizira. Asungichuma ambiri amajambula kaundula wa banki mkhonde, mmene muli mayina a onse amene ali ndi ngongole. Enanso tinajambulapo chiphaso cha unzika.

Ambiri timaganiza kuti kuchotsa simukhadi kwakwanira. Ayi. WhatsApp imapitiriza kugwira ntchito pa foni yakale ngakhale mulibe simukhadi yanu, bola foniyo ipeze intaneti. Imaleka pokhapokha mutatsegula nambala yomweyo pa foni ina. Kufikira nthawi imeneyo, mwini watsopano amawerenga zonse zimene amayi akulemberana pagulu, ndipo angathe kupempha ndalama m'dzina lanu.

Mafoni a Android, monga Itel, Tecno ndi Samsung, ali ndi njira yosesera zonse nthawi imodzi. Koma pali zinthu zoyenera kutsogola, chifukwa chimene chasesedwa motere sichibwereranso. Pamene mtsikana uja anabwera ku tchuthi, tinakhala pansi n'kuyambiranso ntchitoyo mwandondomeko. Umu ndi mmene inunso mungachitire.

Yambani ndi kusamutsa katundu wanu. Funso loyamba ndi ili: kodi mukudziwa adiresi yanu ya Gmail ndi mawu ake achinsinsi? Ambiri a ife akauntiyi anatitsegulira ndi mwana kapena mnyamata wa pashopu tsiku logula foni, ndipo sitinalembe paliponse. Chonsecho nthawi zambiri manambala a abale amasungidwa m'menemo. Yesani kulowa mu akauntiyo pa foni yatsopano, muone ngati manambala abwera. Ngati mawu achinsinsi munaiwala, akonzeni tsopano foni yakale ikadali m'manja mwanu. Kenaka pa foni yakale tsegulani WhatsApp, pitani pa Settings, Chats, Chat backup, n'kudina Back up. Mukatero ikani simukhadi mu foni yatsopano, tsegulani WhatsApp ndi nambala yomweyo, ndipo ikafunsa sankhani Restore. Samalani kuti musadine Delete account, chifukwa imeneyo imakutulutsani m'magulu onse ndi kufufuta mauthenga amene mwasunga. Zithunzi za ukwati ndi za ubatizo wa zidzukulu zisamutsireni pa foni yatsopano kapena pa memore khadi, ndipo muzitsegule kuti muone ndi maso kuti zafika.

Chachiwiri, tulutsani makhadi onse. Mafoni ambiri amalowa masimukhadi awiri, ndipo wachiwiri uja ndi amene timamuiwala. Simukhadi inalembetsedwa ndi chiphaso chanu, ndipo ndalama za pa foni zimatsata nambala, osati foniyo. Musaipereke pamodzi ndi foni, ngakhale kwa mwana wanu wobereka nokha. Akalembetse yake. Memore khadi nayonso itulutseni, chifukwa kusesa foni kawirikawiri sikuikhudza. Ngati mukufuna kuipereka, iseseni payokha podina Format pansi pa Storage, mutasamutsa kale zanu.

Chachitatu, chotsani akaunti yanu ya Google. Pitani pa Settings, pezani pamene palembedwa Accounts, dinani adiresi yanu, kenaka Remove account. Amene ali ndi Samsung achotsenso Samsung account. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira 2015 mafoni a Android ali ndi loko woteteza kwa akuba. Foni ikasesedwa akaunti ikadali momwemo, makamaka posesa ndi mabatani a m'mbali monga amachitira okonza mafoni, poyakanso imafuna akaunti ya mwini wakale. Ndiye mwapereka mphatso kwa apongozi kumudzi, foni ikukana kutseguka, ndipo mukukakamizika kutchula mawu anu achinsinsi pa lamya kapena kulipira wina kuti athyole loko.

Tsopano sesani. Onetsetsani kuti batire yadutsa theka, kapena foni ikhale pa chaja, kuti isazime ntchito ili mkati. Pa mafoni ambiri njira ndi Settings, System, Reset options, Erase all data. Pa Samsung ndi Settings, General management, Reset, Factory data reset. Mawu amasiyanako pang'ono, choncho mukasochera lembani reset pamalo ofufuzira a pamwamba pa Settings. Pamenepo pamakhala zosankha zingapo zofanana mayina. Yolembedwa Reset network settings kapena Reset app preferences sifufuta chithunzi ngakhale chimodzi. Yoyenera ndi imene imakuchenjezani kuti zonse zichoka, n'kukufunsani nambala yotsegulira foni. Foni idzazima ndi kuyaka yokha, ndipo musaikhudze kufikira itamaliza.

Mudzadziwa bwanji kuti zatheka? Foni yosesedwa imayaka ngati yochokera m'bokosi: imakupatsani moni ndi kufunsa chilankhulo. Ikayaka ndi chithunzi chanu chakale pagalasi, ndiye kuti munadina polakwika. Pitirizani kuikonza osalowetsa akaunti iliyonse, kenaka tsegulani zithunzi, mauthenga ndi manambala. Monse mukhale mopanda kanthu. Ya ine itafika pamenepa, ndi pamene ndinapumira m'mwamba.

Pali malire amodzi. Mafoni amene anatuluka ndi Android 10 kapena kuposerapo amasunga zonse mobisa, kotero akasesedwa zakale siziwerengekanso. Pa mafoni ena akale kwambiri, munthu wodziwa angathe kufukula zina. Ngati yanu ndi yakale ndipo ikupita kwa mlendo, mukaisesa jambulani kanema wa khoma mpaka malo adzaze, n'kuisesanso kachiwiri. Ndipo foni yosweka galasi musaigulitse ngati yakufa: zonse zikadali m'kati, wogula akangoika galasi lina aziona ngati munalibe loko.

Mayi uja ndinapita kunyumba kwake kukamuuza zimene zinachitika ndi kupepesa. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandiuza kuti nayenso ali ndi foni imene akufuna kupatsa mdzukulu wake pa Khirisimasi. Tinagwirizana kuti abwere nayo Lachinayi tikatha msonkhano, pamodzi ndi chaja ndi kope lolembamo mawu achinsinsi.