Lendi yakwera mwadzidzidzi: zimene kalata ya dandaulo iyenera kunena

Ku Joni, mwini nyumba akakweza lendi mosayenera n'kukuwopsezani kuti akutulutsani, dandaulo limapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo laulere lopezeka m'chigawo chilichonse cha dzikolo.

Tiyerekeze kuti lendi yachoka pa R2,500 kufika R3,500 pangano lisanathe. M'kalata yanu tchulani adiresi ya nyumbayo, mitengo iwiriyo, tsiku limene munauzidwa, ndi mawu enieni amene anakuwopsezani nawo. Phatikizani kope la pangano, malisiti ndi mauthenga a pafoni. Pemphani bwalo ligamule lendi yoyenera.

Ambiri amapsa mtima n'kusiya kulipira, ndipo mlandu wawo umawonongekera pomwepo. Inu pitirizani kulipira R2,500 ija mwezi uliwonse mpaka chigamulo chituluke. Munthu satulutsidwa m'nyumba popanda chilolezo cha khoti, ndipo kukukiyirani panja kapena kudula madzi n'kuphwanya lamulo.