Kuboola Matailosi a M'bafa Osawang'alula

Tailosi ndi yolimba pamwamba koma siyipindika, ndipo ikapanikizika malo amodzi imangothetheka. Pomangirira chokolekapo thaulo kapena choikapo tishu, tailosi siyenera kunyamula kanthu. Chofunika n'chakuti sikuluu idutsemo bwinobwino n'kukagwira mu njerwa. Matailosi ambiri amasweka pa zifukwa zitatu: kumenyedwa ndi makina oboolera, kutentha, ndi pulagi yofufumira mkati mwa tailosi.

Ntchito imayamba ndi kugogoda. Tailosi imene inamatidwa mokwanira imalira motsika ikagogodedwa ndi chala, pamene yokhala ndi mphako kumbuyo imalira ngati ng'oma. Amisiri ena amangoika zibuma zinayi kapena zisanu za simenti kumbuyo kwa tailosi, pakati n'kutsala mpata, ndipo pamalo otero m'pamene tailosi imaswekera chiboolero chikangokankhidwa. Bowo likhale pomwe palira motsika, masentimita osachepera 2 kuchokera m'mphepete. Ena amakonda kuboola mumzere wa pakati pa matailosi poti m'pofewa, koma chiboolero chikakula kuposa mzerewo chimabenthula matailosi awiri nthawi imodzi. Mapaipi ndi mawaya nawonso asaiwalike: kawirikawiri amayenda molunjika m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pa mpopi, pa shawa ndi pa switchi, choncho mizere imeneyi ndi yofunika kuipewa.

Mtundu wa tailosi ndiwo umasankha chiboolero. Ya seramiki, imene nthawi zambiri imaikidwa pakhoma, ndi yofewa mkati ndipo imabooleka ndi chiboolero cha matailosi cha mutu wonga mkondo. Ya poselini ndi yolimba kwambiri, imafuna chiboolero cha dayamondi ndi madzi. Dontho la madzi kumbuyo kwa tailosi yotsala pomanga limathandiza kusiyanitsa: seramiki imalimwa, poselini imalisiya pamwamba.

Chitsanzo ndi chokolekapo thaulo cha masentimita 60 pakhoma la njerwa zootcha, lopakidwa pulasitala, lokhala ndi matailosi a seramiki a mamilimita 8. Chimakhala bwino pamtunda wa masentimita pafupifupi 120 kuchokera pansi (choikapo tishu chimakhala pa 65). Pamalo oboola pamamatidwa tepi ya pepala mopingasa, chizindikiro n'kulembedwa pa tepipo, ndipo levulo imatsimikiza kuti mbali ziwirizo zafanana. Tepiyo imaletsa chiboolero kuterereka pagalasi la tailosi n'kulikanda.

Makina achotsedwe pa hamala. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa kumenya kumene kumathandiza pa konkire kumang'alula tailosi m'kanthawi kochepa. Chiboolero cha mamilimita 6 chiyambe kuzungulira pang'onopang'ono, chitaima mowongoka, dzanja likukankha mopepuka. Galasi likadyeka, fumbi losalala limayamba kutuluka. Kulira kwa tswii, fungo lakupsa kapena nsonga yakuda ndi zizindikiro zoti chatentha. Chiviikidwe m'kapu ya madzi pafupipafupi, mosamala kuti madzi asafike ku makina a magetsi. Chakumapeto dzanja lipepukenso, pakuti chiboolero chikatulukira mwamphamvu chimabenthula kumbuyo kwa tailosi.

Tailosi ikadutsidwa, dzanja limamva kufewa ndipo fumbi limasintha mtundu. Pamenepo chiboolero cha matailosi chimachotsedwa, n'kuikapo cha njerwa cha mamilimita 6 omwewo. Njerwa yootcha imabooleka popanda hamala, ndipo ndi bwino kupitiriza choncho.

Kuya kwa bowo kumafuna kuwerengera. Tailosi, chomatira chake ndi pulasitala pamodzi zimatha kukwana mamilimita 25, ndipo zonsezi sizigwira sikuluu mokhulupirika. N'chifukwa chake timapulagi tatifupi tobwera m'paketi nthawi zambiri timakhumudwitsa: timathera mu pulasitala, chitsulo n'kuyamba kugwedera thaulo lonyowa likakokedwa kangapo. Pulagi ya mamilimita 40, sikuluu yosachita dzimbiri ya mamilimita 60 ndi bowo lakuya mamilimita 65 zimafika mu njerwa yeniyeni.

Fumbi likachotsedwa m'bowo, pulagi imalowetsedwa mpaka mutu wake utapitirira tailosi yonse. Imakankhidwa poikapo sikuluu n'kuigogoda modekha. Ngati pulagi ili ndi mlomo wotambalala, mlomowo udulidwe ndi mpeni. Pulagi imagwira pofufuma, ndipo ikafufumira m'kati mwa tailosi imaikankha mbali zonse. Mng'alu wake wopyapyala ngati tsitsi, wochokera pabowo kupita m'mphepete, umatha kuoneka patapita masiku. Kasilikoni pang'ono pakamwa pa bowo kamatseka njira ya madzi.

Sikuluu imangidwe ndi dzanja, osati ndi makina, ndipo ilekedwe chitsulo chikangosiya kugwedera. Kupitiriza pamenepo kumapanikiza tailosi kukhoma. Ngati sikuluu ikungozungulira osagwira, ndiye kuti bowo lakula kapena lagwera m'dothi la pakati pa njerwa. Pamafunika pulagi yaitali kapena yokulirapo, ndipo bowo la pa tailosi liyambe lakuzidwa ndi chiboolero cha matailosi pulagi yatsopanoyo isanalowe.