Kuunika Zikwangwani Zolondolera Anthu Pachipatala

Zikwangwani zolondolera anthu pachipatala zimaunikidwa poyenda njira imene wodwala amayenda, kuyambira pageti mpaka pawindo lolandirira mankhwala. Chikwangwani chilichonse pachokha chikhoza kukhala chooneka bwino, cholembedwa molondola, koma munthu n'kusocherabe chifukwa pamalo amene njira yapatuka palibe chomuuza kolowera. N'chifukwa chake woyendera amayamba walemba maulendo amene anthu amayenda kwambiri. Pachipatala cha boma wodwala amachoka pageti kupita kolembetsa, kukaonana ndi dokotala, kupita kulabu kapena kuekisire, kubwereranso kwa dokotala, kenako kufamase. Palinso ulendo wa gadiyani wonyamula chakudya kupita kuwodi, ndi wa mayi wopita kusikelo.

Antchito apachipatalapo sangayese okha zikwangwanizo, pakuti miyendo yawo inazolowera kale njira ndipo sayang'ananso kukhoma. Pamafunika munthu wachilendo amene amangouzidwa kuti apeze labu, woyendera n'kumatsatira pambuyo osayankhula. Pamene mlendoyo waima, wacheuka, wabwerera kapena wafunsa mlonda, woyendera amaika kadontho papepala la mapu. Akayenda motere anthu angapo, mmodzi wokalamba, wina wosadziwa kuwerenga, wina wapanjinga ya olumala, timadontho timaunjikana pamalo amodzimodzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali vuto. Umboni wina umapezeka pamakoma. Pepala lolembedwa pamanja ndi kumatidwa ndi selotepu, lonena kuti famase si kuno, limasonyeza kuti antchito anatopa kuyankha funso limene chikwangwani chinayenera kuyankha.

Mivi ndiyo imalakwika kwambiri. Muvi woloza m'mwamba umawerengedwa pawiri: ena amamva kuti apite kutsogolo, ena kuti akwere masitepe. M'nyumba yopanda chipinda chapamwamba palibe vuto, koma m'nyumba yosanja muvi wotero ukaikidwa pafupi ndi masitepe umasokoneza, ndipo pamafunika kuwonjezera chithunzi cha masitepe kapena nambala ya nsanjikayo. Muvi wopendekeka ndi wovutirapo, chifukwa suuza munthu ngati akhote pompo kapena patsogolo. Woyendera amaonanso malo a muvi pachikwangwani. Woloza kumanzere ukhale kumanzere kwa mawu, woloza kumanja ukhale kumanja, ndipo malo onse amene ali mbali imodzi alembedwe pamodzi pansi pa muvi umodzi. Chikwangwani cha mayina khumi ndi mivi khumi yosakanikirana sichiwerengeka kwa munthu amene wabereka mwana wotentha thupi.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse kayendedwe ka ntchitoyi. Wodwala watuluka mwa dokotala atauzidwa kuti akajambulitse kuekisire. Pakhomo pali muvi woloza kumanja. Iye akuyenda khonde la mamita 15, ndipo kumapeto kwake njira yapatuka pawiri. Chikwangwani cha pamphambanoyo chili ndi zilembo zotalika masentimita 3. Muyeso umene opanga zikwangwani amakonda kugwiritsa ntchito ndi wakuti sentimita imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka pa mtunda wa mamita pafupifupi 2.5 mpaka 3 kwa munthu woona bwino. Ndiye kuti zilembozo zimawerengeka munthu akafika pa mamita 7.5 mpaka 9, ndipo kuti zioneke kuchokera pakhomo la dokotala ziyenera kukhala masentimita 5 kapena 6. Atayandikira, wodwalayo sakupezapo mawu akuti ekisire, chifukwa palembedwa dzina lachingerezi la dipatimentiyo limene dokotala sanalitchule. Apa pali zolakwa ziwiri zosiyana, ndipo kukulitsa zilembo kokha sikungathetse chachiwiri. Dzina limene dokotala amatchula, lolembedwa m'buku la wodwala, la pamphambano ndi la pachitseko liyenera kukhala limodzi. Woyendera alembe zimenezi ngati cholakwa chachikulu, chifukwa n'chimene chimabwezera wodwala pamzere kukafunsanso.

Zithunzi zimathandiza osadziwa kuwerenga ndi oyankhula zinenero zina, koma si chithunzi chilichonse chimamveka. Bungwe loona za miyezo padziko lonse linasonkhanitsa zizindikiro za malo a anthu onse mu ISO 7001, ndipo za chitetezo zili mu ISO 7010. Chithunzi cha chimbudzi kapena cha masitepe anthu ambiri amachizindikira, pamene cha makina oonera tizilombo chimatanthauza labu kwa amene anawaonapo okha. Kayesedwe kake n'kosavuta. Chithunzi chimasonyezedwa popanda mawu kwa anthu amene akudikira pabenchi, n'kufunsidwa kuti chikutanthauza chiyani, mayankho n'kulembedwa monga anenera. Chimene ambiri achiphonya chisinthidwe, ndipo ngakhale chomveka chikhale ndi mawu pambali pake. Mtanda wofiira suyenera kuikidwa mwachisawawa ngati chizindikiro cha chithandizo, popeza ndi wotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva. Chizindikiro cha chithandizo choyamba ndi mtanda woyera pa mtundu wobiriwira.

Mitundu imafuna kusamala kwambiri pachipatala kusiyana ndi kwina, chifukwa ina ili kale ndi ntchito. Pa zizindikiro za chitetezo, wobiriwira ndi wa potulukira pangozi, wofiira ndi woletsa komanso wa zida zozimira moto, wachikasu ndi wochenjeza, monga kachizindikiro ka mapiko atatu ka pachitseko cha ekisire, ndipo wabuluu ndi wa zimene munthu ayenera kuchita. M'zipatala zambiri mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira imagwiritsidwanso ntchito posankha odwala amene aonedwe msanga. Chipatala chikapenta mzere wofiira pansi wolondolera kufamase, chapatsa mtundu umodzi matanthauzo atatu. Mitundu ya zigawo ikhale yochepa, yoti munthu angaitchule ndi dzina, chifukwa namwino sangauze wodwala kuti atsate mzere umene mtundu wake ulibe dzina m'chinenero chake. Pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, kotero mtundu usamayende wokha popanda chilembo kapena nambala. Utoto umathanso ndi dzuwa. Pamakonde a panja, chofiira chimasuluka msanga, ndipo mzere wa pansi umafufutika ndi mapazi ndi mopu.

Pomaliza pamaonedwa malo amene zikwangwani zaikidwa. Munthu akapeza choyamba chitapachikidwa kudenga, amayembekezera chachiwiri kudenga komweko, ndiye chikakhala pakhoma lakumbali amachidutsa. Za mtundu umodzi zikhale pa msinkhu umodzi, zapakhoma zilingane ndi maso a munthu woimirira koma zioneke kwa wokhala panjinga. Dzina la chipinda liikidwe pakhoma, kumbali ya chogwirira chitseko, chifukwa lokhomedwa pachitseko limabisika chikatsegulidwa. Kuyendera kuchitike m'mawa pamene mizere ya anthu yatchinga makoma, ndiponso usiku pamene magetsi ndi ochepa.

Lipoti la woyendera limatchula malo alionse, chithunzi chake, cholakwa ndi chochita, moyambira pa zimene zingaike moyo pachiswe, monga njira ya kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi, ya kumatenite ndi potulukira pangozi. Liyeneranso kutchula ofesi imene izisintha zikwangwani chipinda chikasamuka. Zikakonzedwa, anthu ena achilendo amayendetsedwanso njira zomwe zija, ndipo timadontho ta pamapu atsopano timayerekezedwa ndi ta pamapu oyamba.