Siivii yosalongosoka inabisa katswiri woyeza mkaka ku Chiradzulu

Makalata ambiri ofunsira ntchito m'boma la Chiradzulu masiku ano amatayipitsidwa pakompyuta, kwa Njuli, ku Namadzi kapena ku Limbe, ndipo amatuluka ofanana: dzina pamwamba, satifiketi ya MSCE, kenako ntchito zakale. Wosankha akakhala ndi mulu wa maenvulopu amayamba wachotsa osaoneka bwino asanawerenge n'komwe.

Ndi mmene zinayambira pagulu lina la alimi a ng'ombe zamkaka, lomwe linkafuna kalaliki wolandira mkaka pathanki yoziziritsira. Siivii ya mayi wina inali fotokope yotuwa, mizere yopendekeka, zaka zosokonekera, nambala ya foni yowonjezeredwa ndi bolopeni m'mphepete. Mkulu wosankhayo anali ataiika kale pamulu wotaya pamene anaona kuti kuseri kuli zolembedwa pamanja.

Kumeneko mayiyo anafotokoza ntchito yomwe ankagwira pothandizira pathanki ina, mosalembedwa ntchito. Chigubu chikafika m'mamawa ankayamba wanunkhiza mkakawo. Kenako ankatapako pang'ono n'kusakaniza ndi sipiriti woyezera wamuyezo wofanana. Mkaka woyamba kusasa umachita timibulu, ndipo chigubu chotere chimabwezedwa chisanawononge thanki yonse, yomwe imasungidwa pamadigiri pafupifupi 4. Pomaliza ankaviikamo lakitomita. Mkaka wabwino umawerenga cha m'ma 1.030, pomwe wothiridwa madzi umatsika, chidacho n'kumira kwambiri. Anawonjezeranso mfundo yomwe amaidziwa ndi amene anagwirapo chidacho: mkaka wofunda, wongokamidwa kumene, umawerenganso motsika, choncho kalaliki wosalabadira kutentha angathe kunamizira mlimi wosalakwa kuti wathira madzi.

Komiti ya gululo inagawanika. Ena ankati ntchito ya kalaliki ndi kusunga kaundula wa malita, omwe mlimi amalipidwira kumapeto kwa mwezi, ndiye wolephera kulongosola tsamba limodzi la mbiri yake sangadaliridwe ndi buku la gulu lonse. Mfundoyi ili ndi mutu, chifukwa lita imodzi yolembedwa padzina lolakwika imabala mkangano tsiku la malipiro. Enawo ankayankha kuti kukongola kwa siivii yotayipitsa kumasonyeza luso la mwini kompyuta, osati la wofunsira ntchito, ndipo zolembedwa pamanja kuseri kuja zinali zooneka bwino komanso zotsatana mwadongosolo.

Anagwirizana zoti onse oitanidwa ayesedwe pathanki pomwepo. Aliyense anapatsidwa zigubu zingapo, china chothiridwa madzi mwadala, ndi tsamba la kaundula loti awonkhetse. Mayi uja anachitulukira chigubucho, masamu ake anakwana, ndipo ntchito inakhala yake.

Ena m'komitimo amanenabe kuti mayiyo akanayenera kutayipitsanso pepala lija asanalitumize. Otayipa nawo akupitirizabe kusintha dzina ndi zaka zokha pasiivii ya kasitomala wadzulo, moti anthu ofunsira ntchito yoyeza mkaka ambiri amalembedwa kuti amakonda kuwerenga mabuku ndi kuonera mpira.